Kilo ya thumba: momwe tinalembera malamulo a kakhalidwe pa shopu ina ya zaulimi

Ndimagwira ntchito yolangiza eni mabizinesi ang'onoang'ono, makamaka pa kasungidwe ka mabuku ndi kayendetsedwe ka antchito. Nkhani ndikulembayi inachitika pa msika wina wa m'mbali mwa msewu wa M1, pakati pa Lilongwe ndi Kasungu. Mayina a anthu ndawasiya dala. Ndailembera alangizi anzanga, chifukwa pempho lomwe ndinalandira kumeneko ambiri a inu mumalilandiranso: "Mutilembere malamulo okhwima, antchito atikwana."

Mwini shopuyo ndi mayi wa zaka za m'ma 50. Nthawi ya dzinja amagulitsa mbewu, feteleza ndi mankhwala a m'munda, ndipo kuyambira Epulo mpaka Ogasiti amagula soya, mtedza ndi chimanga kwa alimi n'kukagulitsa kwa ogula akuluakulu ku Kanengo. Antchito analipo 9. Pa kauntala panali mtsikana wina ndi mnyamata amene ndi mwana wa mlongo wawo wa mayiwo. Panalinso kalaliki wa pa sikelo, wosunga sitoko, anyamata anayi onyamula matumba ndi mlonda wachikulire. Kalata yolembedwera ntchito anali nayo anthu awiri okha. Zina zonse zinkayenda pakamwa.

Zizindikiro zoyamba

Zinthu ziwiri zinachitika mwezi umodzi. Choyamba, kalabu ina ya alimi, yomwe inkawagulitsa soya chaka ndi chaka, inangosiya kubwera. Ngolo zawo zinkadutsa pakhomo pa shopu n'kukaima kwa venda wina kutsidya kwa msewu, ngakhale mtengo wake unali wotsikirapo. Chachiwiri, mtsikana wa pa kauntala anadulidwa K45,000 pa malipiro ake chifukwa cha shoteji, ndipo analira pamaso pa makasitomala, akulumbira kuti sanatengepo kanthu.

Mayiwo anaona kuti gwero la zonsezi ndi limodzi, kusaopa. "Alangizi, anthuwa andizolowera," anandiuza. "Ndikufuna pepala loti aliyense asayine, wolakwa azidziwa kuti achotsedwa."

Ndinavomera msanga, ndipo apa ndi pomwe ndinalakwitsa. Ndinatenga malamulo omwe ndinali nawo kale, olembedwera kampani ya antchito ambiri, n'kuwamasulira m'Chichewa. Anakwana 26. Mayiwo anaonjezapo awo atatu: foni isamagwiridwe nthawi ya ntchito, akazi asamavale thalauza, ndipo aliyense azipezeka pa mapemphero a m'mawa. Tinaitana onse Loweruka madzulo, ndinawerenga, ndipo pasanathe mphindi 20 onse anali atasayina. Palibe anafunsa funso. Mlangizi aliyense aziopa chete wamtunduwu. Anthu akasayina osafunsa kanthu, ndiye kuti aona kale kuti pepalalo silikukhudza zomwe zimachitikadi pa ntchitopo. Patatha masabata atatu kalabu ija inali isanabwerere, ndipo pa kauntala panapezekanso shoteji ina.

Zomwe tinapeza

Ndinapempha mayiwo kuti andilole kukhala pa shopupo masiku anayi, osalangiza kanthu koma kungoona. Tsiku loyamba ndinakhala pa benchi pafupi ndi sikelo. Inali sikelo yolendewera pa mtanda wa mtengo, ndipo nkhope yake inayang'ana kwa kalaliki, mlimi akuona kumbuyo kwake. Bambo wina anabweretsa thumba la soya pa njinga. Muvi unaima pa 48.7. Kalaliki ananena mokweza kuti "fote seveni," n'kulemba 47 m'buku. Bambowo sanatsutse. Anangopukuta thukuta ndi chipewa, n'kuwerenga ndalama zawo kawiri.

Nditamufunsa pambali, kalalikiyo sanabise. Madesimo amataya, ndiye 48.7 imakhala 48. Kenako amachotsa kilo imodzi ya thumba. "Kilo ya thumba ndi lamulo la amayi," anatero. Madzulo tinayeza matumba opanda kanthu khumi pamodzi, ndipo onsewo anangokwana kilo imodzi. Thumba limodzi linkalemera pafupifupi magalamu 100, osati kilo. Soya wa bambo aja anali makilo 48.6, iwo analipidwa 47. Pa mtengo wa K800 pa kilo womwe shopuyo inkagulira nthawi imeneyo, anataya K1,280 pa thumba limodzi. Mlimi wa matumba khumi ankasiya K12,800 pansi pa mtanda uja.

Kenako tinayerekeza mabuku a masabata awiri. Buku logulira linaonetsa matumba 400, makilo 18,400. Ngati pa thumba lililonse pankatsala magalamu 900 a kilo ya thumba ija, kuphatikizapo pafupifupi theka la kilo la madesimo otayidwa, soya woonjezera anayenera kukhala makilo 560. Koma malisiti a ku Kanengo anaonetsa makilo 18,650, kutanthauza kuti makilo 250 okha ndiwo anafika m'manja mwa mayiwo. Tinachotsapo thumba limodzi poganizira kuuma ndi kupeta. Matumba asanu anasowa pakati pa sikelo ndi galimoto.

Za shoteji ya pa kauntala zinadziwika tsiku lachitatu, ndikuona ndi maso anga. Amuna awo a mayiwo analowa, anatenga mabotolo awiri a mankhwala ophera mbozi n'kutuluka, akunena kuti, "Ndiuzana nawo amayi ako." Palibe chinalembedwa. Masana mnyamata wa pa kauntala uja anapatsa mnzake wa ku tchalitchi mankhwala osungira chimanga, kuti adzalipira kumapeto kwa mwezi. Izinso sizinalembedwe. Powerenga sitoko, katundu yense wotereyu ankaoneka ngati wasowa, ndipo popeza mtsikana ndiye ankasunga makiyi a kabati ya ndalama, chibalo chinkagwera iye. Buku la ngongole zolembedwa linali ndi K1.3 miliyoni, ndipo zoposa theka zinali za achibale.

M'malamulo 29 aja munalibe ngakhale limodzi lonena za kilo ya thumba, za katundu wotengedwa ndi a pabanja, kapena za amene ayenera kulipira shoteji.

Pomwe nkhani inakhotera

Tinayamba ndi kalaliki. Mayiwo ankafuna kumuchotsa tsiku lomwelo, koma ndinawakumbutsa kuti Lamulo la za Ntchito la chaka cha 2000, pa gawo 57, limafuna zinthu ziwiri: chifukwa chomveka chochotsera munthu, komanso kumupatsa mwayi wodziteteza asanachotsedwe. Olemba ntchito ambiri amagonja ku khoti la milandu ya za ntchito pa mfundo yachiwiriyi, ngakhale wantchitoyo atalakwadi. Tinamulembera kalata yofotokoza mlandu, tinamupatsa masiku atatu, ndipo anabwera ndi wosunga sitoko ngati mboni yake.

Anavomera kuti matumba asanuwo anagulitsa iye. Kenako anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Amayi, ndalakwa. Koma kudula makilo a alimi munandiphunzitsa ndinu. Ine ndinkaona ngati soya ameneyu alibe mwini."

M'chipindamo munati zii. Ine ndinkayembekezera kuti mayiwo akalipa, koma anangoti tipume kaye. Titatsala awiri anandifunsa kuti, "Ndiye soya amene anabayu ndi wanga kapena ndi wa alimi?" Funso limeneli ndi lomwe linasintha ntchito yonse. Munthu amene anandiitana kuti ndidzamange antchito ake anayamba kudzifunsa yekha. Ndinawayankha mosapita m'mbali kuti anali wa alimi, pamodzi ndi makilo 250 omwe analowa m'thumba mwawo.

Tinagwirizana kung'amba pepala loyamba lija ndi kuyambiranso. Tinapangananso kuti lamulo lililonse lisanalembedwe lidutse pa mafunso anayi. Lamuloli likapanda kukhalapo, amavulala ndani, ndipo amataya chiyani? Amene akulikhazikitsa angalivomere ataima mbali inayo, iye atakhala mlimi kapena wantchito? Chifukwa chake tingachinene mokweza pamaso pa munthu amene likumukhudza? Kodi likumanganso mwini shopu ndi banja lake? Funso loyamba limayang'ana zotsatira. Lachiwiri ndi nzeru yakale ija yoti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Lachitatu limagwira chinyengo, chifukwa chinthu chomwe chimayenda pokhapokha winayo asadziwe chimakhala kuti chili ndi vuto kale. Lachinayi ndi la chilungamo pakati pa anthu osiyana mphamvu. Pamwamba pa zonsezi panali malamulo a dziko, omwe palibe pangano la pa shopu lingawaphwanye.

Tinakhala pansi Loweruka zitatu, onse khumi pamodzi ndi ine, shopu itatsekedwa. Pa pepala lalikulu ndinajambula mizere itatu: lamulo, chifukwa chake, ndi zomwe zidzachitike likaphwanyidwa. Lamulo lomwe mzere wake wapakati unakhala wopanda kanthu linkafufutidwa.

Lamulo la sikelo

Ili ndi lomwe linatidyera nthawi yambiri, ndipo linalembedwa motere: "Sikelo iziyang'ana kwa mlimi. Kalaliki azitchula nambala yonse monga yaonekera, ndi madesimo omwe. Pa thumba tizichotsa magalamu 100 okha. Mbewu ikakhala yonyowa kapena ya zinyalala, tizimuuza mlimi asanakweze pa sikelo, ndipo asankhe yekha kukayanika, kupeta, kapena kulandira mtengo wotsikirapo. Chifukwa: mlimi walima chaka chonse ndipo sangathe kutsimikiza sikelo yathu. Akutikhulupirira, ndipo kudya chikhulupiriro chake n'kuba ngakhale iye asadziwe."

Mayiwo anali ndi mfundo yotsutsa yomwe si yopepuka, ndipo alangizi tisamaikankhire kumbali. Soya amauma m'sitoko n'kupepuka. Alimi ena amathira mchenga pansi pa thumba kapena kuwaza madzi usiku. Ku Kanengo akakana katundu chifukwa cha chinyezi, amene amaluza ndi iwo. Kilo ya thumba inali njira yawo yodzitetezera, ndipo mavenda onse pa msikawo ankachita zomwezo. Zonsezi n'zoona. Koma titaika kilo ija pa mafunso athu, inagwa pa awiri. Inkalanga mlimi wa soya wouma bwino chifukwa cha mnzake wothira mchenga, ndipo sikananenedwa mokweza, chifukwa palibe angauze mlimi kuti thumba lopanda kanthu limalemera kilo, iye atalinyamula yekha m'manja. Chitetezo chomwecho chingapezeke poyera. Thumba lililonse lizikhuthulidwa pa tenti mlimi akuona, ndipo ngati bizinesi ikufuna kadanga ka kuuma, kakhale mu mtengo wolembedwa pa bolodi, womwe mlimi angaukane n'kupita kwina. Mtengo wotsika wonenedwa poyera umamusiyira mlimi ufulu wosankha. Kilo yobisika imamulanda ufuluwo. Apa tinakumbutsananso kuti mtengowo usatsike kupyola mitengo yoyambira yomwe Unduna wa Zaulimi umalengeza chaka chilichonse.

Sikelo yogulitsira malonda imayenera kuyezedwa ndi kudindidwa ndi bungwe loona za miyezo la MBS, ndipo ya pa shopuyi chidindo chake chinali chitatha kale, choncho anaipititsa. Koma mlimi sawerenga chidindo. Nzeru yabwino inachokera kwa mlonda. "Amayi, bwanji osangokoloweka shuga?" M'mawa uliwonse, asanayambe kugula, amaika mapaketi khumi a shuga a kilo imodzi, osatsegula, m'thumba n'kukoloweka pa sikelo alimi akuona. Muvi ukapanda kuima pa 10, kapena kupitirira pang'ono chabe chifukwa cha mapepala ndi thumba, palibe kugula mpaka sikelo ikonzedwe.

Shoteji ndi ngongole za achibale

Malamulo awiriwa ndi amapasa, ndipo sitikanatha kulemba limodzi popanda linzake. La shoteji linati palibe adzadulidwe malipiro chifukwa chongopezeka kuti katundu kapena ndalama zaperewera. Pazikhala kaye kufufuza, munthuyo amvedwe, ndipo pakhale umboni woti iyeyo ndiye wachititsa. Kabati ya ndalama azigwira munthu mmodzi pa tsiku, aziwerengera limodzi ndi mnzake potsegula ndi potseka, onse awiri n'kusayina. Chifukwa chomwe tinalemba n'chakuti munthu amayankha pa zomwe anali ndi mphamvu yoziletsa. Mtsikana wa zaka 22 sangaletse amuna a abwana ake kutenga botolo pa shelefu, choncho kumulipiritsa botololo n'kulanga wofooka chifukwa wamphamvu sakhudzika.

Mayiwo ankafunanso chindapusa cha K2,000 kwa aliyense wochedwa. Ichi ndinachikana ndisanafike n'komwe pa mafunso anayi aja, chifukwa gawo 56 la Lamulo la za Ntchito lija limaletsa olemba ntchito kulipiritsa wantchito chindapusa. Limalola kusalipira nthawi yomwe munthu wajomba popanda chilolezo ndi chifukwa chomveka, komanso kudula ndalama yobwezera katundu amene wantchito waononga. Zilango zomwe limatchula ndi kalata yochenjeza, kuimitsidwa ntchito kwa kanthawi ndi kutsitsidwa pa udindo. Tinatsata zimenezo. Ndaona mashopu ambiri atamata pakhoma ndandanda wa zindapusa, eni ake osadziwa kuti akuphwanya lamulo.

La ngongole linali lowawa. Linati katundu aliyense wotuluka m'shopu alembedwe nthawi yomweyo, kaya watenga ndi mwini shopu, amuna awo kapena m'bale wina aliyense, ndipo ngongole yovomereza ndi mwini yekha, ndi siginecha yake. Mayiwo anakwiya. "Mlongo wanga akabwera mwana ali m'chipatala, ine ndimutulutsire buku? Umunthu wake uti umenewo?"

Sindinafune kuwauza kuti bizinesi ndi chibale siziyendera limodzi. Mawu amenewo ndimawamva kawirikawiri m'maphunziro a zamalonda, ndipo sindigwirizana nawo. Anthu a pa msikawo anawathandiza mayiwo pa maliro a mwana wawo, ndipo iwo ali ndi ngongole yeniyeni ya chifundo kwa anthuwo. Funso lomwe ndinawafunsa linali lakuti, chifundo chomwe chakhala chikuchitikachi, walipira ndani? Tinatsegula kope la malipiro. M'miyezi isanu ndi umodzi mtsikana uja anali atadulidwa katatu. Wopatsa anali mayiwo, woyamikiridwa anali mayiwo, koma ndalama inkachokera m'thumba la mwana wa eni ake. Umunthu womwewo umene umatiuza kuthandiza m'bale umatiletsanso kumuthandiza ndi thukuta la munthu amene sanafunsidwe.

Ndiye tinaonjezera mzere wina. Mwezi uliwonse shopu iziika pambali K30,000 ya chithandizo pa maliro ndi matenda, ya achibale ndi antchito omwe. Zoposa pamenepo zizichokera m'thumba la mwini. Lamulo silinaletse kupatsa, linangofuna kuti kupatsako kuzioneka, ndipo kuzichokera kwa wopatsayo. Mtsikana anabwezeredwa ndalama zonse zomwe anadulidwa.

Omwe anadutsa msanga, ndi omwe anagwa

Lamulo loletsa kugulitsa mbewu ndi mankhwala opitirira tsiku lake silinavute. Mmodzi wa onyamula matumba ananena chifukwa chake bwino kuposa ine: mbewu ikapanda kumera, mlimi amadziwa mvula itapita kale, ndipo ndalama ungamubwezere koma dzinja sungamubwezere. Loletsa kufunsira kapena kugwiragwira mnzako pa ntchito kapena kasitomala mokakamiza linadutsanso, ndipo ndinawauza kuti lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limaletsa nkhanza zamtunduwu. Tinaonjezera kuti wodandaula angapite kwa mayiwo kapena kwa wosunga sitoko, popeza wolakwayo atha kukhala wa m'banja, ndipo kuti wonena zoona asabwezeredwe choipa. Tinalembanso za maola a ntchito, omwe sayenera kupitirira 48 pa sabata popanda malipiro a ovataimu, ndiponso kuti malipiro aziperekedwa pofika tsiku lomaliza la mwezi. Awiriwa ankamanga mwini shopu yekha, ndipo ndinaona nkhope za anyamata onyamula matumba zikusintha titawalemba.

La thalauza linagwa pa funso loyamba, chifukwa palibe anatha kutchula munthu amene amavulala nalo. Lamulo la boma loletsa akazi kuvala thalauza linachotsedwa mu 1993, koma m'mitima ya eni mabizinesi ena lidakalimo, ndipo mlangizi azisiyanitsa zokonda za mwini ndi khalidwe loyenera. M'malo mwake tinalemba kuti wogwira mankhwala azivala magolovesi ndi chotchinga kukamwa, zogula shopu. La mapemphero linagwa pa funso lachiwiri. Awiri mwa anyamatawo anali Asilamu, ndipo nditafunsa mayiwo ngati angavomere kukakamizidwa mapemphero a chipembedzo china kuti asunge ntchito, anapukusa mutu. Mapemphero anatsala kwa ofuna. La foni linachepetsedwa kukhala loti usagwire foni kasitomala ataima patsogolo pako, popeza makasitomala ambiri amalipira kudzera pa foni pomwepo.

M'malo mwa malamulo 29 aja tinatsala ndi ochepa, okwana masamba awiri. Woyamba kusayina anali mayiwo.

Zomwe zinatsatira

Kalaliki sanachotsedwe. Kuba ndi mlandu woti munthu angachotsedwe nawo, ndipo ndinawauza mayiwo kuti lamulo likanawalola atamumva. Iwo anasankha kalata yochenjeza komaliza ndi kumuchotsa pa sikelo kupita ku sitoko yolandirira matumba. Anati sangachotse munthu chifukwa cha njira yomwe anamulambulira okha. Iye analemba yekha kalata yolonjeza kubweza K200,000 ya matumba asanu aja, K25,000 pa mwezi, ndipo anamaliza.

Za alimi tinachita zomwe tikanatha. Pa matumba 400 aja, eni a matumba 260 anapezeka kudzera m'mayina a pa malisiti. Anabwezeredwa ndalama ya makilo 1.4 pa thumba, yomwe ndi K1,120, zonse pamodzi K291,200. Mayiwo anapita okha ku msonkhano wa kalabu ija. Wapampando wake anawauza kuti anazindikira kalekale, atayeza matumba awo pa sikelo ya kopaletivu asanabwere nawo, koma sanafune kukangana ndi munthu amene amakumana naye pa maliro. Eni a matumba 140 otsalawo sanapezeke, ndipo za zaka zam'mbuyo panalibe mabuku oti n'kuwerengera. Izi zimandivutabe mumtima.

Yeso lenileni linabwera patatha miyezi inayi, nthawi yogulitsa feteleza. Mnyamata wa pa kauntala anapereka matumba awiri a yuleya kwa mnzake popanda kulemba. Anazindikira ndi mtsikana uja powerenga sitoko, ndipo anakanena. Aliyense pa shopupo ankadikira kuona ngati khoswe wakhala pa mkhate. Mlongo wawo wa mayiwo anaimba foni usiku kuti nkhani za m'banja zisamapite pa pepala. Mnyamatayo anati, "Azakhali, mungandilembere kalata ine ngati munthu wobwera?" Iwo anamuyankha kuti pepala lomwe anasayina ndi lomwelo anasayina mlonda. Anamvedwa monga anamvedwera kalaliki, analandira kalata yochenjeza, ndipo ngongoleyo inalembedwa m'dzina lake. Patatha miyezi iwiri anasiya ntchito yekha, ndipo pakati pa mayiwo ndi mlongo wawo panakhala kuzizira kwa nthawi. Alangizi tiziwauziratu makasitomala athu kuti mtengo wotere ulipo, ndipo umalipiridwa kunyumba, osati ku shopu. Ine sindinawachenjeze mokwanira.

Lamulo limodzi linalephera. Tinalemba kuti wantchito asalandire mphatso iliyonse kwa mlimi kapena kwa wobweretsa katundu, poopa kuti "ya fanta" imagula malo pa mzere ndi diso la kalaliki. Koma agogo wina atabweretsa maungu awiri kudzathokoza, kalaliki watsopano anawakana, ndipo agogowo anachoka atakhumudwa kwambiri. Pa kuunikanso kwa chaka tinaona kuti tinasakaniza zinthu ziwiri zosiyana. Chiphuphu chimabwera ntchito isanachitike, mobisa, kwa munthu mmodzi, pofuna kuti akondere. Kuthokoza kumabwera pambuyo ndipo sikuopa maso a anthu. Lamulolo tsopano limati ndalama ndi zoletsedwa nthawi zonse, chilichonse choperekedwa thumba lisanayezedwe n'choletsedwa, koma zakudya zobwera pambuyo zilandiridwe poyera n'kuikidwa pa tebulo la onse.

Pa ndalama, phindu la pa thumba lililonse la soya linatsika, monga mayiwo ankaopera, ndipo sindikufuna kunamizira kuti chilungamo chinadzilipira chokha nthawi yomweyo. Kalabu ija inabwerera nyengo yotsatira, ndi alimi ena a midzi yoyandikana omwe anamva za shuga wa pa sikelo. Ena anapitabe kwa mavenda otchula mtengo wokwera pa bolodi, ngakhale akudziwa kuti makilo adulidwa. Shoteji ya pa kauntala inatsika mpaka kumangokhala ya chenje.

Nkhani ya amuna awo a mayiwo sinathe bwinobwino. Iwo anakana kusayina, akunena kuti si antchito a munthu. Zomwe zinatheka n'zakuti akatenga katundu, wa pa kauntala amalemba pa tsamba la mwini shopu, ndipo mayiwo amalipira kumapeto kwa sabata kuchokera m'thumba lawo. Nditapitako komaliza ndinatsegula tsambalo. Mwezi umenewo linali ndi mizere isanu ndi umodzi, yonse m'zolemba za mtsikana uja, ndipo isanu inali itadindidwa kuti yalipidwa.